Womasulira Asabise Mbola M'mawu a Hotelo

Kale munthu wochokera ku Mandimba kapena ku Ngauma akafika ku Cuamba dzuwa litalowa, ankagogoda pa nyumba yogona alendo, kufunsa mtengo, kulipira ndi kulandira kiyi. Pangano lonse linali la pakamwa ndipo linkathera pomwepo. Masiku ano ambiri amasungitsa chipinda asananyamuke pakhomo. Mwana kapena mdzukulu amatenga lamya ya m'manja, amasankha tsiku, amatumiza ndalama pa M-Pesa kapena pa e-Mola, ndipo asanamalize amadina povomereza mndandanda wa mfundo zolembedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi. Kudina kumeneko ndi kusaina pangano, ngakhale kuti ambiri amadina osawerenga.

Mwini hotelo wofuna alendo a m'malire muno, kuphatikizapo amalonda olowa pa Chiponde kuchokera ku Mangochi, amachita bwino akapempha wina kuti amasulire mfundozi m'Chichewa. Kumasulira dzina la chipinda, mtengo wake ndi nthawi ya chakudya cham'mawa sikuvuta. Ntchito imakula pofika pa ndime ziwiri, yonena za mlendo amene sanafike ndi yonena za katundu wotayika. Ndime ziwirizi ndi zimene zimadyera munthu ndalama, ndipo ndi pamene womasulira amayesedwa kufewetsa mawu kuti asaopseze alendo. Kufewetsako ndi kulakwira mlendo. Ndime yotere ikamasuliridwa, munthu wa kumudzi ayenera kudziwa zinthu zitatu: wolipira ndani, alipira zingati, ndipo zimenezi ziyamba nthawi yanji.

Ndime yoyamba imatchula chimene m'Chipwitikizi amati "não comparência", ndipo m'Chingerezi amalemba "no-show". Womasulira wothamanga amatsegula buku la matanthauzo a mawu, napeza kuti ndi kusabwera, nalemba kuti "mukapanda kubwera mudzalipira". Mawuwo sanalakwe pa galamala, koma kusabwera kwa Chichewa ndi kusabwera kwa hotelo n'zosiyana. Kumudzi munthu amene analonjeza Lolemba nafika Lachiwiri m'mawa wabwera ndithu, wangochedwa, ndipo amalandiridwa ndi madzi osamba. Ku hotelo, munthu yemweyo amawerengedwa kuti sanabwere, chifukwa chimene amayang'ana ndi ola loikika la tsiku loyamba. Ola limenelo likadutsa mlendo asanaoneke komanso asanadziwitse, ndimeyo yayamba kugwira ntchito.

Chitsanzo chongoyerekeza, cha mitengo yongoyerekezanso, chingaonetse m'mene zimapwetekera. Bambo wina wa ku Massangulo, likulu la boma la Ngauma, akuperekeza mwana wake kukalembetsa sukulu ku Cuamba. Wasungitsa chipinda cha usiku utatu, Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu, pa mtengo wa mametikali 1,500 usiku umodzi, zonse pamodzi 4,500. Watumiza kale 1,500. Ulendo wake ndi wa pa msewu wa N13, kudzera pa Mandimba, ndipo kuchokera pa Mandimba kukafika ku Cuamba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150. Shapa imene wakwera yachedwa kudzaza, kenaka yafera panjira, ndipo bamboyo ndi mwana wake agona pa Mandimba kwa achibale. Afika ku Cuamba Lachiwiri 9 koloko m'mawa, mtima uli m'malo, poti ndalama anatumiza ndipo masiku awiri akadalipo.

Pa lamya paja panali polembedwa kuti: "Em caso de não comparência, será cobrada a primeira noite e a reserva será cancelada." Womasulira analemba kuti: "Mukapanda kubwera mudzalipira tsiku loyamba." Bamboyo ataona mawuwa sanaone chifukwa choimbira lamya usiku uja, pakuti iye anali panjira ndipo kubwera anali kubwera. Koma chiganizo cha Chipwitikizi chili ndi mbali ziwiri, ndipo yachiwiri inagwera panjira pomasulira. Mbali imeneyo ikunena kuti kusungitsa konse kwafafanizidwa. Ndalama 1,500 zija zapita ngati malipiro a usiku umene sanagone, ndipo chipinda cha Lachiwiri ndi Lachitatu chapatsidwa kwa wina. Bamboyo waima pa khomo la hotelo ndi mwana ndi chikwama, alibe pogona, pa sabata imene makolo ambiri alowa m'tauni ndi cholinga chimodzimodzi.

Mahotelo salemba ndimeyi mofanana. Ena amadya ndalama za usiku woyamba nafafaniza masiku otsala, monga m'chitsanzochi. Ena amadya za usiku woyamba koma chipinda amachisungabe mpaka mawa lake. Ena, makamaka pa mtengo wotsika umene pambali pake pamalembedwa kuti "não reembolsável", amafuna ndalama za masiku onse, ndipo pamenepo bambo wa ku Massangulo akanakhala ndi ngongole ya mametikali 3,000 pamwamba pa zimene anatumiza kale. Njira zitatuzi zimasiyana ndi ndalama zambiri, komabe zonse zikhoza kubisala m'mawu amodzi akuti "mudzalipira". Womasulira amene sanafunse kuti mwa njira zitatuzi hoteloyi imatsata iti, ndiye kuti ntchito yake sanaiyambe.

Kumasulira koyenera kukanakhala kotalikirapo, koma kopanda pobisalira: "Mukapanda kufika pofika 6 koloko madzulo a tsiku loyamba, musanadziwitse hotelo, ndalama za usiku woyamba sizidzabwezedwa, ndipo chipinda cha masiku otsalawo chidzaperekedwa kwa ena. Mukaona kuti muchedwa, imbani lamya nthawiyo isanakwane." Bambo uja akanawerenga zimenezi akanaimba ali pa Mandimba pomwe, ndipo mayunitsi a mphindi imodzi akanamupulumutsira chipinda. Ola lenileni lilembedwe monga anthu amalitchulira. Chipwitikizi chimalemba 18h00, koma ambiri m'midzi amati 6 koloko madzulo, ndipo n'kwabwino kulemba zonse ziwiri. Ndipo popeza hotelo imawerenga usiku pomwe Chichewa chimawerenga masiku, mawu akuti "usiku woyamba" asasandulike "tsiku loyamba" ponena za ndalama, chifukwa munthu wofika 1 koloko usiku amadziona kuti akadali m'tsiku lomwelo pamene kaundula wa hotelo walowa kale m'tsiku lina.

Msampha womwewo uli pa ndime yoletsa ulendo. Pamene palembedwa kuti "cancelamento gratuito até 48 horas antes da chegada", ambiri amamasulira kuti munthu angathe kuletsa mwaulere kukadali masiku awiri. Koma maola 48 ndi masiku awiri a kumudzi n'zosiyana. Ngati hotelo imayamba kulandira alendo 2 koloko masana, ndipo imawerenga kuchokera pa ola limenelo, wosungitsa chipinda cha Lolemba ayenera kuletsa pasanakwane 2 koloko masana a Loweruka. Woimba Loweruka madzulo adzanena ndi mtima wonse kuti kukadali masiku awiri, koma adzakhala atachedwa ndi maola angapo, ndipo ndalama zake zidzakhala zitapita. Womasulira wosamala amasunga "maola 48", nawonjezera chitsanzo cha tsiku ndi ola mwini hotelo atavomereza.

Palinso mawu amodzi a Chichewa amene akusenza katundu woposa mphamvu zake, ndiwo chikole. Chipwitikizi chili ndi mawu atatu osiyana onena za ndalama zotsogola. Pali "caução", ndalama zosungitsa kuopa kuti mlendo angaswe galasi kapena kutaya kiyi, zimene zimabwezedwa potuluka ngati zonse zili bwino. Pali "pré-pagamento" kapena "adiantamento", kumene ndi kulipiriratu mbali ya mtengo. Ndipo pali "sinal", ndalama zomangira pangano. Womasulira akatcha zonsezi chikole, munthu wa kumudzi amamva chimene amachidziwa, monga njinga kapena wailesi imene amasiya kwa womukongoza ndalama, n'kukaitenga akabweza ngongoleyo. Kwa iye chikole ndi chinthu chake chimene chikumudikira. Mwa mawu atatu aja, "caução" yokha ndiyo imafanana ndi chikole chotere.

Mawu akuti "sinal" ali ndi tanthauzo lake m'malamulo. Buku la malamulo a mapangano limene Mozambiki imagwiritsa ntchito, Código Civil, linalembedwa ku Portugal m'chaka cha 1966, linayamba kugwira ntchito kuno m'chaka cha 1968, ndipo dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1975 linapitirira kugwiritsidwa ntchito. Ndime 442 ya bukuli imanena kuti wopereka "sinal" akaphwanya pangano mwa kulakwa kwake, wolandirayo ali ndi ufulu wodya ndalamazo. Koma ndime yomweyo imanenanso kuti wophwanya pangano akakhala wolandirayo, woperekayo angathe kufuna ndalama zake mowirikiza kawiri. Mpeni umenewu umadula mbali zonse ziwiri. Ngati mametikali 1,500 a bambo uja analidi "sinal", ndipo iye n'kufika pa nthawi yake koma n'kupeza chipinda chapatsidwa kwa wina, akanakhala ndi poyambira kufuna 3,000. Ndime 440 imaonjeza kuti pa mapangano wamba, ndalama zotsogola zimawerengedwa ngati kulipiriratu chabe, pokhapokha onse awiri atagwirizana kuti zikhale "sinal". Pa chifukwa ichi dzina lopatsidwa kwa ndalamazo si nkhani yaing'ono. Njira yabwino ndi kusunga liwu la Chipwitikizi monga lilili, ndi kulitsatiza ndi chiganizo chonena chimene chidzachitikire ndalamazo mbali iliyonse ikalephera.

Ndime yachiwiri yovuta ndi ya katundu. Kawirikawiri imalembedwa kuti: "O hotel não se responsabiliza por objectos de valor deixados no quarto." Liwu lakuti "responsabilidade" limanyamula zinthu zimene Chichewa chimazilekanitsa. Pali udindo, umene ndi ntchito yosamalira. Pali mlandu, umene ndi kulakwa. Ndipo pali kulipira, kumene ndi kubweza chimene chatayika. Wolemba kuti "hotelo ilibe udindo pa katundu wanu" wauza mlendo kuti palibe womulondera. Wolemba kuti "hotelo ilibe mlandu" waweruza nkhani isanachitike. Chimene ndimeyo ikufuna kunena ndi chachitatu, kuti hotelo ikukana kudzalipira. Komanso ndimeyo ili ndi malire ake amene sayenera kutayika: ikunena za zinthu zamtengo wapatali, monga ndalama, lamya ndi mapepala a ulendo, ndiponso zosiyidwa m'chipinda. Womasulira akalemba kuti "katundu yense", wakulitsa chishango cha hotelo kuposa m'mene mwini wake anachipangira.

Malire amenewa ali ndi phindu kwa mayi wamalonda wochokera ku Mandimba amene wanyamula mpamba wake wonse kukakwera sitima ya ku Nampula m'mawa mwake. Ndime imene ikukana kulipira zosiyidwa m'chipinda ikutanthauza kuti zoperekedwa m'manja mwa wolandira alendo kuti azisunge ndi nkhani ina. Código Civil, kuyambira pa ndime 1185, imanena za pangano losungitsa katundu, ndipo wolandira chinthu kuti achisunge ayenera kuchisamala ndi kuchibweza. Mayiyo akamva bwino ndimeyi adzapereka ndalama zake pa kauntala, adzaziwerenga pamaso pa wolandirayo ndipo adzapempha lisiti lolembedwa kuchuluka kwake. Akamva kuti hotelo ilibe udindo pa katundu yense, adzangoika ndalamazo pansi pa pilo n'kupita kukasamba.

Chinanso chimene womasulira ayenera kupewa ndi kuveka mawu a mwini hotelo malaya a boma. Pofuna kuti zimveke zolemera, ena amamasulira "termos e condições" kuti malamulo, ndipo owerenga amaganiza kuti zalembedwazo sizingatsutsidwe. Zoona zake n'zakuti ndi mfundo za pangano zolembedwa ndi mbali imodzi, ndipo malamulo a dziko ali pamwamba pake. Ndime 800 ya Código Civil imati munthu amayankha pa zochita za antchito amene wawagwiritsa ntchito pokwaniritsa pangano ngati kuti wachita yekha, ngakhale kuti imalola kuchepetsako zimenezi mwa mgwirizano mkati mwa malire ena. Ndime 809 imakana mphamvu pangano loti munthu ataye pasadakhale ufulu wake wodandaula mnzake akadzalephera kukwaniritsa. Ndime 812 imapatsa bwalo la milandu mphamvu yochepetsa chilango cha m'pangano chikakhala chopitirira muyeso moonekeratu. Palinso lamulo loteteza ogula, la nambala 22/2009, limene limapatsa wogula ufulu wodziwitsidwa bwino za chimene akugula. Womasulira si woweruza ndipo sangafafanize ndime imene sakuikonda, koma angathe kulemba kuti "hotelo ikunena kuti sidzalipira", m'malo molemba kuti "simungathe kudandaula". Mawu oyambawo ndi oona, pomwe achiwiriwo amatseka pakamwa munthu amene mwina ali ndi mlandu womveka.

Eni mahotelo nawo ali ndi mbali yawo, ndipo ndi yomveka. Chipinda si chimanga chimene chingasungidwe m'nkhokwe kudikira msika wa mawa. Usiku ukadutsa chili chotseka, ndalama za usiku umenewo zatayika mpaka kale, pomwe magetsi, madzi ndi malipiro a mlonda sizidikira. Mwini nyumba amene wabweza alendo atatu chifukwa chosungira munthu amene sanaoneke ali ndi chifukwa chokwanira chodyera ndalama za usiku woyamba. Palibe cholakwa pa ndime yotere. Cholakwa chimabwera pamene mlendo waidziwa ataluzidwa kale. Ndipo kumasulira komveka kumathandiza mwini hotelo yemwe, chifukwa mlendo wodziwa ola amaimba lamya, chipinda chimagulitsidwa kwa wina nthawi ikadalipo, ndipo mkangano wa pa kauntala umapewedwa.

Omasulira ena adzatsutsa kuti ntchito yawo ndi kunena zimene zalembedwa, osati kuwonjezera maola ndi zitsanzo zimene m'Chipwitikizi mulibe. Pamenepa akunena zoona. Womasulira amene wangodzipekera yekha 6 koloko madzulo wapanga pangano latsopano limene mwini hotelo sakulidziwa, ndipo tsiku la mkangano mapepala awiriwo adzatsutsana. Koma yankho lake si kusiya dzenjelo lili lotseguka. Akapeza kuti ndime sikutchula ola, kapena sikunena za masiku otsala, abwerere kwa mwini hotelo ndi mafunso: chipinda chimasungidwa mpaka nthawi yanji, ndalama zodyedwa ndi zingati, masiku otsala amatani, ndipo woimba lamya kuti wachedwa amamuchitira chiyani. Mayankhowo alembedwe m'zilankhulo zonse ziwiri tsiku limodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo womasulira wosafunsa amadyetsa phulalo anthu ena.

Kulemba mbali zonse ziwiri n'kofunika kwambiri kaamba ka chiganizo chimodzi chimene chimakonda kukhala kumapeto kwenikweni, chonena kuti zilankhulo zikasiyana, cholembedwa m'Chipwitikizi ndicho chidzatsatidwe. Malamulo aakulu a dziko a chaka cha 2004 amati Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, ndipo amalemekezanso zilankhulo za makolo ngati chuma cha dziko, kotero chiganizo chotere sichodabwitsa. Koma tanthauzo lake n'lakuti cholakwa chilichonse cha womasulira adzachilipira ndi mlendo. Chiganizo chimenechi chisasiyidwe pomasulira ngakhale chikuchititsa manyazi, ndipo malo ake oyenera ndi pamwamba, kuti wowerenga Chichewa adziwiretu kuti pali pepala lina limene lidzalankhule tsiku la mlandu.

Pali njira yosavuta yoyesera ngati kumasulira kwatheka, ndipo siifuna loya. Womasulira atenge pepala lake apite nalo pa siteji ya shapa pa Mandimba, awerengere anthu atatu amene sadziwa Chipwitikizi, ndipo pakati pawo pakhale wina amene chilankhulo chake cha kunyumba ndi Chiyao kapena Chimakuwa. Akatha kuwerenga awafunse nkhani ya bambo wa ku Massangulo: wafika Lachiwiri m'mawa, wataya zingati, ndipo chipinda achipeza kodi? Atatuwo akapereka yankho limodzi, lofanana ndi la mwini hotelo, ntchito yatheka. Mayankho akasiyana, pepalalo likhoza kukhala la Chichewa chokoma, koma ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo liyenera kubwerera pa tebulo lisanaikidwe pamaso pa alendo.

Kufikira pamene eni mahotelo a ku Cuamba ndi Mandimba adzafune ntchito yotere kwa omasulira awo, wapaulendo adziteteze yekha. Asanatumize ndalama afunse ola limene chipinda chimasiya kusungidwa, afunse dzina la ndalama zimene akutumiza ndi chimene chidzazichitikire akachedwa, ndipo apemphe kuti yankho libwere pa uthenga wolembedwa umene angausunge m'lamya. Shapa ikafera panjira, aimbe nthawi yomweyo, dzuwa lisanalowe.